Za meseji ya aphunzitsi ija

Mnzanga,

Meseji ija ndaiona, ndipo ndamva kuti mtima wakuwawa, koma chonde usayankhe uli ndi ukali, komanso mwanayo usayambe wamukalipira. Ndaiwerenga bwinobwino ndipo ine sindikuonamo mlandu ayi.

Taiwerenganso wekha. Aphunzitsi akuti kwa masabata awiri tsopano mnyamata wako akumadzuka pampando ndi kumayankhulitsa anzake nthawi ya masamu, anamusintha malo koma sizinathandize, kenako akumaliza ndi funso loti kodi kunyumba mwaonako chachilendo? Funso lomalizali ndi limene likukuuza choyankha. Sanati mubwere mawa, sanati mumulange, sanatchule ahedi. Munthuyu wayesa njira yake yakanika ndiye akufuna umuuze zimene iye sangazione ali mkalasi. Ukangolemba kuti pepani ndimulanga, funso lawo likhala losayankhidwa, ndipo ukalemba kuti mwana wanga sachita zimenezo kunyumba ndiye basi watseka khomo, ulendo wina sadzakuuzanso mpaka zitafika poipa.

Chimene chandigwira mtima ine ndi mawu oti nthawi ya masamu. Mwana wongofuna kusokoneza amasokoneza paliponse, pa Chingerezi, pa sayansi, ngakhale pa mzere. Uyu akuchita pa phunziro limodzi, ndipo zayamba posachedwa. Ndiye funso langa ndi loti masabata awiri apitawo chinasintha nchani? Mwina ayamba mutu watsopano, tinene kugawa manambala aatali, iye wasochera poyambirira pomwe ndiye kudzuka ndi kucheza kukumupepukira kusiyana nkukhala phee kuyang'ana pepala lomwe sakulimva. Ana ambiri amalola kuoneka opulupudza kusiyana nkuoneka olephera pamaso pa anzawo. Mwinanso ndi mbali inayo, amamaliza msanga nkusowa chochita. Kusiyanitsa kwake sikovuta, tsegula kope lake la masamu uone masamba a masabata awiriwa. Ukapeza ntchito zosamaliza, zofufutafufuta kapena wangokopera mafunso osayankha, ndiye kuti zikumuvuta. Ukapeza zonse zatha ndipo wakhoza, ndiye kuti ntchito ikumuchepera. Umufunsenso ngati pabolodi amaona bwino, makamaka ngati pomusintha malo paja anamupititsa kumbuyo, chifukwa mwana wa vuto la maso nthawi zambiri sadziwa kuti anzake amaona bwino kuposa iye.

Pocheza naye usayambe ndi bwanji ukusokoneza mkalasi, akana kapena angoti sindikudziwa. Ungomuuza kuti aphunzitsi andilembera za nthawi ya masamu, tandiuza zimakhala bwanji nthawi imeneyo. Kenako ukhale chete, umudikire, ngakhale atazungulira. Zimene anganene si umboni wonse, nayenso amaona mbali yake yokha, koma uzisunge.

Aphunzitsiwo uwayankhe lero lomwe kapena mawa, mwachidule, ndipo kumbali osati pa gulupu ya makolo. Mwina chonchi: "Zikomo pondidziwitsa. Ndacheza naye ndipo ndaona kope lake, zikuoneka kuti mutu watsopanowu ukumuvuta. Kunyumba palibe chasintha. Kodi amayamba kudzuka mukamafotokoza kapena akapatsidwa ntchito yoti achite yekha? Ine ndizimuthandiza madzulo, ndiye tilankhulanenso pakatha sabata tione ngati pali kusintha." Ulembe zimene wapezadi iweyo, izi ndangopereka chitsanzo. Ndipo ngati kunyumba kwasinthadi china, kaya akugona mochedwa, kaya kuli matenda kapena wina wachoka, uwauze mwachidule, sufunika kufotokoza za mbanja zonse. Za sabata zija usazisiye, popanda tsiku lobwereranso pa nkhaniyi aliyense amangoganiza kuti mnzake akuisamala.

Ikanakhala meseji ina ndikanakuuza zina. Akanangoti lero anali waphokoso pang'ono ndamuchenjeza, imeneyo ndi yongokudziwitsa, zikomo ndalankhula naye zikanakwana, ndipo sipakanafunika chilango chachiwiri kunyumba pa nkhani yomwe yatha kale kusukulu. Koma akanati wamenya mnzake, wina wavulala, kapena iyeyo ndi amene akuvutitsidwa, kapena akanalemba kuti tikufuna tikumane, imeneyo siyothera pafoni. Pamenepo umapempha tsiku, nkupita, nkufunsa kuti chinachitika nchani kwenikweni, nthawi yanji, analipo ndani. Chimodzimodzi meseji yongoti mwana wanu ndi wamwano osanena chomwe wachita, umafunsa mwaulemu kuti akupatse chitsanzo chimodzi, chifukwa mwana sungamuuze kuti asiye chinthu chomwe iwe sukuchidziwa.

Ukaona kope lija undiuze zomwe wapeza. Ngati ndi kugawa manambala kuja, uyambe wayesa ngati matebulo ochulukitsa akuwadziwa, nthawi zambiri vuto limayambira pamenepo.

Moni kwa onse kumeneko.

Ndine mnzako.