Dandaulo pa Ndalama ya Pampu Imene Sinafike

Mkanda, Mchinji
14 Julayi

Kwa a Manijala a Nthambi,

Bwana,

Ndikulemba kalatayi chifukwa ndabwera ku nthambi yanu pa boma kawiri konse, ndipo yankho limene ndapatsidwa silikugwirizana ndi malamulo a khadi imene munandipatsa nokha.

Pa 3 Meyi ndinagula pampu yoyendera dzuwa yothirira kudimba, kwa wogulitsa wa pa intaneti wa ku South Africa. Ndinalipira R4,800 ndi khadi yanga ya Visa, ndipo ndalamayo inachoka mu akaunti tsiku lomwelo. Pa lisiti analemba kuti katundu afika pasanadutse pa 31 Meyi. Mpaka lero pampuyo sindinaione. Ndikalowetsa nambala yotsatira katundu imene ananditumizira, ikungoonetsa kuti anasindikiza kapepala komata pa katoni, koma a mtengatenga sanalandire kanthu. Wogulitsayo ndamulembera maimelo atatu. Woyamba anayankha kuti ndidikire, enawo kuli zii. Pakadali pano tomato wanga ndikuthirira ndi kheni ngati kale.

Mayi amene ndinawapeza pa kauntala anati popeza ndinalowetsa ndekha nambala ya OTP imene inabwera pa foni, banki singachitepo kanthu. Mayiwo anandilandira mwaulemu, koma apa anasokoneza nkhani ziwiri. OTP imangotsimikiza kuti amene analipira ndi mwini khadi. Ndikanakhala kuti ndikunena kuti wakuba anagwiritsa ntchito khadi yanga, zoona, nambalayo ikananditseka pakamwa. Koma ine sindikukana kulipira. Ndinalipira ndekha, maso ali gwa. Chimene ndikunena n'chakuti chomwe ndinalipiracho sichinabwere, ndipo nkhani yotereyi ili ndi khomo lakelake mu malamulo a Visa, nambala 13.1, lolembedwa kuti "Merchandise/Services Not Received".

Njira yobwezera ndalamayi, imene amaitcha chajibaki, ine sindingaiyambe ndekha, chifukwa a Visa salankhula ndi mwini khadi. Amalankhula ndi banki imene inapereka khadiyo, ndiye inuyo. Inu mukatumiza dandaulo langa, limapita ku banki ya wogulitsa, ndipo ndalamayo imatengedwa kuchokera kumeneko. Wogulitsa amapatsidwa mpata wa masiku 30 woti ayankhe. Ngati ali ndi umboni woti katundu anafika kwa ine, monga pepala la a mtengatenga limene ndinasainira, ndalamayo ibwerera kwa iye ndipo ine ndagonja. Akapanda kuyankha, kapena akabweretsa umboni wosagwira mtima, ndalamayo ndi yanga. Choncho sindikupempha banki kuti itulutse ndalama m'thumba mwake. Ndikungopempha kuti mutumize pepala kumene ine sindingafike.

Ndikudziwanso zimene zingagwetse mlandu ngati umenewu, ndipo ndaziona kale. Mwini khadi amayenera kuyamba wayesa kukambirana ndi wogulitsa, ndiye maimelo aja. Amayeneranso kudikira kuti tsiku lolonjezedwa lidutse, ndipo ladutsa ndi masiku 44. Chinanso, katundu akakhala kuti wafika m'dziko muno koma wagwidwa ku MRA chifukwa mwini wake sanapereke msonkho, wogulitsa sapezeka wolakwa. Wanga sanatuluke n'komwe m'nyumba ya wogulitsa.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi nthawi. Dandaulo lotereli limayenera kulowa pasanathe masiku 120 kuchokera tsiku limene katundu amayembekezeka kufika. Ndikawerenga kuyambira pa 31 Meyi, tsiku lomaliza ndi 28 Sepitembala. Likadutsa limenelo khomo latsekeka, ngakhale umboni wanga utakhala wodzaza dengu. Paulendo wachiwiri uja anandiuza kuti ndizingodikira mwina katundu afika. Kudikirako kukupindulira wogulitsa yekha, pamene ine ulendo uliwonse wochoka ku Mkanda ukundidyera ndalama ya kabaza ndi tsiku lathunthu la kudimba.

Ndaphatikiza lisiti loonetsa tsiku lolonjezedwa, sitetimenti ya mwezi wa Meyi, maimelo atatu aja ndi yankho lawo limodzi, komanso chithunzi cha tsamba lotsatira katundu. Ndikupempha kuti mundipatse fomu yotsutsira malipiro a pa khadi, mutumize dandauloli ku dipatimenti yanu ya makhadi sabata ino, ndipo mundipatse nambala ya dandaulo yoti ndizifunsira. Mundiuzenso polemba kuti ndalamayo ikamabwera mudzaisintha pa mtengo wa tsiku liti, popeza ndinalipira mu marandi koma akaunti yanga ndi ya makwacha.

Ngati mukuona kuti mlanduwu sungatumizidwe, mulembe chifukwa chake pa pepala la banki ndi kusaina. Pakapita masiku 14 osamva kanthu, ndidzatengera mapepala onsewa ku Reserve Bank of Malawi, kumene amamva madandaulo a makasitomala a mabanki.

Ine kasitomala wanu,
Mlimi wa kudimba, Mkanda