Lipoti la msonkhano: chikwangwani cha pa galaja ndi galimoto ya mnzathu

A tcheyamani, a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu la madalaivala kuno ku Joni, munandituma ku msonkhano wa ufulu wa ogula kuti ndikafunse za mnzathu uja. Mukukumbukira kuti anasiya galimoto pa galaja kuti aikonze mabuleki, ndipo m'mawa anaipeza ilibe batire ndi wailesi. Mwini galaja anangomulozera chikwangwani cha pakhoma chonena kuti woimika galimoto pano, zikavuta ndi zake. Funsoli ndinalipereka kwa loya amene anatiphunzitsa masana. Za m'mawa zinali za ngongole za m'masitolo, ndazisiya.

Loyayo asanayankhe anandifunsa kuti makiyi anali ndi ndani. Ukaimika galimoto pamalo olipira n'kuchoka ndi makiyi ako, nthawi zambiri umakhala wangobwereka malo, ndipo chikwangwani choonekera bwino pakhomo chikhoza kuwateteza eni malowo. Koma ukapereka makiyi kwa makaniko, wasungitsa katundu. Wosunga ayenera kubweza chimene anasungitsidwa, ndipo chikasowa kapena kuwonongeka, ndi iyeyo amene ayenera kusonyeza kuti sanalekerere.

Anatifotokozera mlandu wa Mercurius Motors ndi bambo Lopez, umene khoti lalikulu la apilo la dziko lino linagamula mu 2008. Galimoto ya mtundu wa Jeep inasiyidwa pa galaja kuti aikonze. Usiku kunabwera akuba, anagonjetsa alonda, galimoto n'kupita. A galaja anatulutsa pepala losainidwa, ndipo kuseri kwake kunali mawu akuti iwo alibe mlandu galimoto ikabedwa. Khoti linakana. Linati mawu otere amagwetsa cholinga chenicheni cha kusungitsa, choncho ayenera kuonetsedwa kwa kasitomala poyera, osati kubisidwa kuseri kwa pepala. Linapezanso kuti a galaja sanasamale makiyi a galimotoyo, ndipo linawalamula kulipira. Taonani, apa panali ngakhale siginecha, koma sinawapulumutse.

Chitachitika chigamulocho, lamulo loteteza ogula la 2008 linayamba kugwira ntchito mu 2011. Gawo 65 limati wamalonda amene wasunga katundu wa kasitomala amusamale monga achitira munthu wodziwa kusunga za eni, ndipo akalephera alipire. Gawo 49 limati chenjezo lochepetsa udindo likhale m'mawu omveka, pamalo ooneka, ndipo kasitomala alidziwe asanagwirizane kapena kulipira. Chikwangwani cha pa galaja imene mnzathu anasiya galimoto chili mkati, kuseri kwa mulu wa matayala, ndipo anachiona tsiku lokadandaula. Gawo 51 ndilo linandisangalatsa kwambiri: palibe chikwangwani kapena siginecha imene ingafute kulekerera koopsa, monga kusiya geti pululu usiku wonse makiyi ali m'galimoto.

Koma ndisakunamizeni kuti zikwangwanizi n'zokongoletsa khoma chabe. Mu mlandu wina wa ku Durban, wa Water Wonderland ndi Botha, khoti lomwelo linavomereza chikwangwani chimene chinali poonekera pogulira matikiti, ngakhale panali anthu ovulala. Komanso galaja imene inakiya geti, n'kuika makiyi m'bokosi lachitsulo lokiya, ili ndi mlonda ndi alamu, ingathe kupambana mlandu ngakhale popanda chikwangwani, poti yasonyeza kuti inasamala. Anzathu amene magalimoto awo ali m'dzina la kampani amvenso ichi: kampani imene katundu wake kapena ndalama zolowa pachaka zafika marandi 2 miliyoni sitetezedwa ndi lamulo la ogulali.

Ine maganizo anga ndi akuti mlandu wa mnzathu uli ndi mutu, koma uli ndi bala limodzi. Pepala lolandirira galimoto silinalembe kuti munali wailesi. Batire palibe angakane, pakuti galimoto inalowa ikulira yokha. Wailesi ndiye pafunika chithunzi chakale kapena lisiti yogulira. Loyayo anati tikamasiya galimoto tizijambula mkati ndi kunja, tizilembetsa makilomita, tayala la sipeya ndi jeke, ndipo tizitembenuza pepala tisanasaine.

Ndikupempha komiti kuti sabata ino timuthandize kulemba kalata yopita kwa mwini galaja, yotchula tsiku, zimene zinasowa, mtengo wake ndi masiku amene tikumupatsa kuti ayankhe. Akakana, tikadandaule ku MIOSA, ofesi yomva madandaulo a zamagalimoto, kumene kasitomala salipira pokasuma. Malisiti a thiransipoti ndapereka kwa a msungichuma.