Lipoti la msonkhano wa kuvulala kwa ana pa mpira

Makolo anzanga, msonkhano munandituma uja ndapitako ku Chichiri, nkhani inali yokonza kankhani kothandiza ife makolo a ana osewera mpira. Tagwirizana kuti kafotokoze zinthu zitatu basi.

Kubinya ndi pamene mitsempha yogwira mafupa pa jointi yakokeka kapena kung'ambika, makamaka pa kakolo, mwana waponda mopindika ndiye patupa msanga. Kukokeka kwa mnofu ndi kuja mwana akuthamanga n'kugwira kuseli kwa ntchafu mwadzidzidzi. Chithandizo n'chofanana: apume, ikanipo ayisi wokulunga pa nsalu mphindi 15 mpaka 20 maola awiri kapena atatu aliwonse, mangani bandeji osathinitsa, mwendo ukhale m'mwamba pa pilo. Ayisi mulibe, ngakhale mafilizi agwira ntchito. Koma zija zothowa ndi madzi otentha, kutikita, kukoka phazi kuti libwerere, masiku awiri atatu oyamba ayi ndithu, kutupa kumangoonjezeka. Akalephera kuponda n'kuyenda masitepe 4 pitani naye akajambule ekisileyi, mafupa a ana amakhala asanakhwime, chooneka ngati kubinya chimatha kukhala kuthyoka.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa konkashoni, kugwedezeka kwa ubongo, ndipo ine ndinalimbikira kuti gawo limeneli likhale pamwamba chifukwa ili silitupa, siliwoneka. A dokotala omwe amatiphunzitsa anati ambiri sakomoka n'komwe. Tiyerekeze ana awiri agundana mitu polimbirana mpira wa pa kona ku Ndirande, wanu wadzuka akuti ndili bhobho koma akuyenda mwa dzandidzandi, mukamufunsa tikusewera ndi ndani, wagoletsa ndani, akungokuyang'anani. Ameneyo atuluke ndipo tsiku limenelo asabwererenso m'bwalo olo a kochi anene kuti ndi fainolo, kugundanso mutu ubongo usanachire ndiye koopsa kwambiri.

Zizindikiro zina zimabwera mochedwa, usiku kapena mawa lake: mutu, chizungulire, mseru, kudana ndi kuwala, kukwiya zachabechabe. Ndiye asakhale yekha, ndipo achipatala amuwone. Akamasanza mobwereza, mutu ukukulirakulira, khosi likuwawa, akuona zinthu ziwiriziwiri, akugwedezeka ngati wakhunyu kapena akuvuta kudzutsa, musadikire kuche, thamangani ku Gulupu kapena chipatala chapafupi. Wagwa pa bwalo akudandaula khosi musamunyamule chinyamulenyamule. Wa mutu mupatseni panado, asipilini ndi bulufeni ayi poyambapo chifukwa zimatha kuonjezera kutaya magazi.

Apume tsiku limodzi kapena awiri, foni ndi wailesi ya kanema achepetse, kenako sukulu kaye pang'onopang'ono, kuyenda, kuthamanga mopepuka, tirening'i yosagundana, sitepe iliyonse maola osachepera 24 ndipo mutu ukayambiranso aime kaye. Gemu pomaliza, achipatala atavomera.

Pempho langa, pa mkumano wathu wotsatira tisankhe kholo limodzi pa gemu iliyonse lokhala ndi mphamvu yotulutsa mwana wagunda mutu.