Lipoti la msonkhano wa atelala: nsalu iti ifuna msoko uti

A pampando, akuluakulu ndi atelala anzanga a gulu lathu la ku Chinamwali, ndabwerako ku msonkhano umene munandituma m'tauni mwa Zomba. Zokamba zinali zambiri, koma imene inatitengera nthawi ndi ya misoko itatu: wa fulenchi, wogoneka uja timauona pa jinzi, ndi wa ovaloko. Mayi amene amatiphunzitsa anatsindika kuti msoko umasankhidwa lumo lisanakhudze nsalu, chifukwa uliwonse uli ndi malo ake oti usiyire m'mphepete.

Anatiyalira diresi la chitenje la manja a shifoni, ngati amene amatichulukira nyengo ya zinkhoswe. Diresi ndi limodzi, koma misoko yake ndi yosiyana.

Pa manja a shifoni anasoka fulenchi. Shifoni imaonetsa za mkati ndipo imayoyoka ulusi msanga, choncho ovaloko amaonekera kunja ngati chingwe. Anasiya sentimita 1.5. Poyamba anagundanitsa nsalu kumbuyo ndi kumbuyo, kumaso kuli kunja, n'kusoka mamilimita 6 kuchokera m'mphepete. Kenako anadula zotsalazo kuti zikhale mamilimita 3, anasita, anatembenuza kuti kumaso kugundane, n'kusokanso pa mamilimita 9. Mphepete yoyoyoka ija inatsekeredwa mkati, osaonekanso. Singano inali yaing'ono, nambala 9 kapena 10. Mukaona tiulusi tikusuzumira pamzere kunja kwa chovala, dziwani kuti simunadule mokwanira, kapena msoko wachiwiri munauchepetsa. Ambirife timadumpha kusita pakati pa misoko iwiriyi pothamangira nthawi, ndipo mpamene umapotokera. Fulenchi amafuna mzere woongoka. Polumikiza mkono ndi diresi, pamene pamakhota kwambiri kukhwapa, amakwinya nsalu, ndiye pamenepo anasoka msoko wamba n'kuphimba mphepete ndi kansalu kodulidwa mopingasa.

Pa mbali za diresi m'pamene tinatsutsana. Bambo wina wa ku Songani anati: “Ine ndimagwira nsalu zonse ziwiri n'kupititsa pa ovaloko kamodzi, ntchito yatha.” Mphunzitsi anawafunsa kuti adzatani mwini diresi akadzabwera atanenepa. Mpeni wa ovaloko umadula nsalu, ndipo yadulidwayo siibwerera. Mphunzitsiyo anasiya masentimita 2, anapititsa ovaloko wa ulusi utatu pamphepete iliyonse payokha, anasoka ndi makina wamba, n'kusita msoko motambasula. Chaka chamawa ungamasule n'kuwonjezera sentimita imodzi pamphepete iliyonse, ndipo pa misoko iwiri diresi lakula ndi masentimita 4. Ine ndili mbali ya mphunzitsi, chifukwa amayi athu sataya diresi la chitenje, amabwera nalo kuti tilikonze. Fulenchi pa chitenje amatheka, koma amatupa ndipo kumukulitsa n'kovuta.

Ovaloko wa ulusi utatu pa chitenje ndi wotchinga mphepete basi, sangagwire chovala payekha. Wa ulusi unayi ndiye amalumikiza nsalu zotamuka ngati za matisheti, poti amatamuka nazo limodzi pamene ulusi wa makina wamba umaduka. Magetsi akathima, zigizagi amatchinga mphepete mokwanira kwa amene makina awo ali naye.

Msoko wogoneka tinauyesa pa kabudula wa yunifomu wa nsalu ya khaki. Mumasoka pa sentimita 1.5, mphepete imodzi n'kuidula kuti itsale mamilimita 6, inayo n'kuipinda kuti ikute yaifupiyo, kusita, n'kuisokerera pansi. Mizere iwiri ya ulusi imanyamula katundu, mkati mumakhala mosalala osakanda khungu, ndipo imapirira kuchapa kotikita pamwala. Malo ake ndi kumatako ndi pakati pa miyendo, pamene ana amang'amba kawirikawiri. Singano ikhale nambala 16, ndipo pamene misoko yadutsana muyendetse gudumu ndi dzanja, apo ayi singano ithyoka. Vuto lake ndi lakuti mwendo wa thalauza lalitali kapena mkono wopapatiza ukatsekeka, sulowa bwino pa makina athu afulati, ndiye mugoneke msoko umodzi mwendo udakali wotambasuka, winawo mutseke mwawamba. Nawonso sukulitsika, choncho m'mbali mwa kabudula wa mwana amene akukula musiye msoko wamba wa masentimita 2.

Pempho langa ku gulu ndi lakuti tikambirane mitengo, popeza fulenchi ndi wogoneka amasokedwa kawiri ndipo amadya nthawi ndi makala a simbi kuposa ovaloko. Pa msonkhano wathu wotsatira aliyense abwere ndi zidutswa za shifoni, chitenje ndi khaki, kuti misoko itatuyi tidzaisoke pamodzi tisanagwirizane za ndalama.