Lipoti la msonkhano wa za fuluwenza: chifukwa chake katemera wa chaka chatha si wa chaka chino

Wapampando, akuluakulu a komiti, ndi anzanga nonse a m'mawodi, a ku labu ndi a zaumoyo kumidzi,

Nali lipoti la msonkhano wa za fuluwenza womwe munandituma ku Lilongwe. Malisiti a mayendedwe ndi malo ogona ali kale kwa msungichuma, ndipo amene ankati ulendowu ndi wongokadya alawansi akhoza kukawaona. Malonje ndi zokamba za alendo olemekezeka zinatenga m'mawa wonse woyamba. Panalinso gawo la bajeti ndi la kadzazidwe ka mafomu, mapepala ake ndasiya mu ofesi. Chimene ndikufuna tikhalirepo pansi ndi gawo la anthu a ku labu, chifukwa linayankha funso lomwe odwala amatifunsa ife n'kumangoyankha mwachidule: bwanji katemera wa chikuku amatha ndi maulendo awiri, koma wa fuluwenza n'ngwa chaka ndi chaka?

Kachilombo ka fuluwenza kali ndi timinga ta mitundu iwiri kunja kwake. Tina ndi hemagulutinini, timene kamagwirira maselo a pakhosi ndi m'mapapo kuti kalowe. Tina ndi nyuraminidezi, timene timadula kuti tizilombo tatsopano tituluke m'selo. Zilembo H ndi N za m'mayina ngati H3N2 zimachokera pamenepa. Asilikali a m'thupi amene katemera amadzutsa amalimbana makamaka ndi mutu wa hemagulutinini. Tsono kachilomboka pochulukana kamakopera malangizo ake ngati mwana wasukulu wokopera notsi mothamanga popanda mphunzitsi wochonga: zolakwika zimangokhala momwemo. Zambiri mwa zolakwikazo zimapha kachilomboko kapena sizisintha kanthu. Koma china chikagwera pamutu pa hemagulutinini, pomwe asilikali amagwira, kachilombo kameneko kamadutsa mwa anthu amene anadwalapo kapena kubayitsa, ndipo m'kupita kwa miyezi ndi kamene kamadzaza dziko. Kusintha kwapang'onopang'onoku akatswiri amakutcha dirifiti. Mayi wina wa ku labu anatisonyeza kuti pa H3N2, kusintha kwakukulu kwa pakati pa 1968 ndi 2003 kunachokera pa malo 7 okha a puloteniyi, onse oyandikana ndi pomwe kachilombo kamagwirira selo. Nthawi zina amino asidi mmodzi yekha kusintha n'kokwanira.

Mmene amadziwira kuti kachilombo kathawa katemera ndi zomwe zinandikhazika chete. Amatenga kanyama kotchedwa fereti, kamene sikanadwalepo fuluwenza, n'kukapatsa kachilombo ka mu katemera. Pakatha masabata awiri amatenga madzi a magazi ake, momwe muli asilikali. Madziwo amawasungunula motsatizana m'timaenje ta mbale: 1:10, 1:20, 1:40, mpaka m'tsogolo. M'kaenje kalikonse amathiramo mlingo wofanana wa kachilombo, kenako maselo ofiira a magazi a nkhukundembo kapena a mbira. Asilikali akagwira kachilombo, maselo amatsikira pansi n'kupanga kadontho kofiira. Akalephera, kachilombo kamalumikiza maselowo n'kuyala ngati ukonde, kadontho osaoneka. Kaenje komaliza kokhala ndi kadontho ndiye nambala yomwe amalemba. Tinene kuti pa kachilombo ka mu katemera kadontho kafika pa 1:1280, koma pa kachilombo kochokera kwa wodwala wa mwezi uno kathera pa 1:160. Kutsikako ndi ka 8, ndipo kutsika ka 8 kapena kuposa ndiye chizindikiro choti awiriwa asiyana. Kachilombo kamodzi kotere sikasinthitsa katemera. Amayang'ana ngati tofanana nako tikuchuluka m'maiko osiyanasiyana, komanso ngati magazi a anthu obayidwa akulephera chimodzimodzi.

Zotsatira zonsezi zimasonkhana ku bungwe la WHO kudzera mu ndondomeko ya GISRS, yomwe inayamba mu 1952. Malabu a maiko amatumiza tizilombo ku malabu akuluakulu monga a ku London, Atlanta, Melbourne, Tokyo ndi Beijing. Kawiri pachaka amasankha zolowa mu katemera: mu February za maiko a kumpoto, mu September za ife a kumwera. Amasankha msanga chotero chifukwa katemera wambiri amakulitsidwabe m'mazira a nkhuku oti mwanapiye wayamba kale, ndipo kuyambira posankha mpaka botolo kufika pachipatala pamapita miyezi pafupifupi 6. Pa miyezi imeneyo kachilombo sikadikira.

Chitsanzo chomwe anachifukula bwino ndi cha 2014. Mu February chaka chimenecho anasankha kuti H3N2 ya mu katemera wa kumpoto ikhalebe `A/Texas/50/2012`, ngati chaka cham'mbuyo. Mu March, mafakitale atayamba kale ntchito, kunayamba kuoneka tizilombo tochepa tosiyana nako. Pofika September tinali titachuluka moti pa katemera wa kumwera wa 2015 anasintha n'kuika `A/Switzerland/9715293/2013`. Koma wa kumpoto anali ali kale m'mabotolo. Kumayambiriro kwa December bungwe la CDC ku America linachenjeza madokotala kuti pafupifupi theka la ma H3N2 omwe anayeza sakugwirizana ndi katemera, ndipo nyengo ikamatha anali oposa 80 pa 100 aliwonse. Katemera wa nyengo imeneyo anachepetsa odwala opita kuchipatala ndi 19 peresenti yokha, pamene chaka chogwirizana bwino amafika pakati pa 40 ndi 60. Palibe fakitale yomwe inalakwitsa, palibe firiji yomwe inazima. Kachilombo kosinthika kanangofala WHO itasankha kale.

Vuto silinathere pomwepo. Gulu la H3N2 lomwe linafala kwambiri nthawi imeneyo linali litasintha pa malo a 160, ndipo kusinthako kunamata kashuga pamutu pa hemagulutinini, kophimba pomwe asilikali amagwira. Atayesa kukulitsa kachilombo ka gulu limeneli m'mazira kuti apange katemera wa zaka zotsatira, kanataya kashugako, chifukwa m'dzira kamakula bwino kopanda shuga. Ndiye thupi limaphunzitsidwa kugwira mutu wopanda chophimba, pamene kachilombo ka pamsika kali ndi chophimba. N'chifukwa chake masiku ano WHO imatchula mayina awiri, lina la katemera wa m'mazira, lina la wopangidwa m'maselo. Si mtundu uliwonse umathamanga chotere. `A/California/7/2009`, ya mtundu wa H1N1, inakhala mu katemera mpaka 2017 isanasinthidwe. Koma ngakhale mayina asasinthe, chitetezo chimatsika pakapita miyezi, choncho kubayitsanso sikuthawika.

Apa ndi pomwe ndinatsutsana ndi zomwe ambiri anagwirizana. Msonkhano unati malo amene apeza katemera azibaya mu May, chisanu chisanafike. Ku South Africa zimenezo n'zomveka, fuluwenza yawo ndi ya m'chisanu. Koma kafukufuku wa ku Queens ku Blantyre, yemwe anayamba mu 2011, anaonetsa kuti kwathu fuluwenza imapezeka miyezi yambiri, ndipo imayamba kukwera mvula isanathe. Katemera amatenga masabata awiri kuti agwire, ndipo mwana wosakwana zaka 9 wobayidwa koyamba amafunika jakisoni awiri otalikirana masabata 4. Mukabaya mwanayo mu May, watetezedwa mu June. Ine ndikuti tisatengere kalendala ya eni, tiyang'ane kaye kaundula wathu wa odwala chifuwa ndi kutentha thupi mwezi ndi mwezi. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti akuluakulu omwe ali ndi HIV amadwala fuluwenza kwambiri kuposa ena, ndiye katemera wochepa akabwera, kiliniki ya ma ARV ndi ya amayi oyembekezera zikhale patsogolo pa ife a m'maofesi.

Ndipo poti nkhani ya zopereka inatigawanitsa pamsonkhano wathu wathawu, ndiyibwereze. Ena munati katemera waulere sakanidwa. Ganizirani katoni yotsala ya kumpoto ikanafika kuno mu April 2015: mkati muli Texas, pamene dziko lonse likudziwa kale kuti Texas yatha ntchito ndipo ya Switzerland yatuluka. Mayina a tizilombo amalembedwa pabokosi limodzi ndi nyengo yake. Wolandira katundu awerenge zimenezo, osati tsiku lothera mphamvu lokha. Aonenso ngati sanaundane ndi kuzizira, chifukwa amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo woundana ndi wotaya.

Kusintha kwachiwiri, kotchedwa shifiti, n'kwadzidzidzi ndipo kumachitika pa fuluwenza A yokha. Malangizo a kachilomboka ali m'zidutswa 8. Tizilombo tiwiri tosiyana tikalowa m'selo imodzi, ana ake amatha kutenga zidutswa zina uku, zina uku. Mu 1957 kachilombo ka anthu kanatenga H, N ndi chidutswa china chimodzi kuchokera ku ka mbalame, n'kubadwa H2N2. Mu 1968 kanatenganso H yatsopano ya mbalame, n'kubadwa H3N2 yomwe tikulimbana nayo mpaka lero. Ya 2009 inachokera ku nkhumba, itasakanizika ndi zidutswa za mbalame ndi za anthu. Inaonekera ku Mexico ndi ku America mu April, ndipo pa 11 June WHO inalengeza mliri wa dziko lonse. Pa shifiti katemera wa chaka sathandiza kwenikweni, pamafunika watsopano, ndipo mu 2009 anafika funde loyamba litadutsa. Wina pamsonkhanopo anadzuka n'kunena kuti tiletse anthu kuweta nkhumba ndi abakha pakhomo limodzi. Ameneyo sanakhalepo kumudzi. Chomwe tingathe ife n'chakuti makina a ku labu akaonetsa fuluwenza A yochuluka bwino, koma H1 ayi, H3 ayi, sampulo imeneyo isalembedwe kuti makina alakwitsa. Itumizidwe mwachangu. Odwala oyamba a ku California mu 2009 anapezeka choncho. Tizifunsanso wodwala aliyense wa chibayo chachikulu ngati kwawo kwafa nkhuku kapena nkhumba.

Gawo la fuluwenza B linali lalifupi: mtundu wa Yamagata sunaonekenso kuyambira March 2020, ndipo mu September 2023 WHO inati uchotsedwe, choncho katemera wabwerera ku mitundu itatu.

Zonsezi zimadalira masampulo, ndipo apa ndi pomwe tikugwa. Swabu itengedwe m'masiku 3 kapena 4 oyamba a matenda, kachilombo kakadali kambiri, ndipo isakhale ya thonje ndi kamtengo. Ilowe m'madzi ake osungira, ikhale pa madigiri 2 mpaka 8, ifike ku labu pasanathe maola 72. Ikachedwa imafuna firiza ya madigiri 70 pansi pa ziro. Firiza wamba ya 20 pansi pa ziro imapha kachilomboka: makina akhoza kukaonabe, koma sikangakulitsidwe, ndiye sikangayesedwe ndi magazi a fereti aja. Ife masampulo athu amagona sabata kudikira galimoto yomwe yapita ku zina, ndipo firiji ya ku labu takhala tikuyilira kuyambira komiti yapitayi, yankho n'kumangoti ndalama zikubwera. Ku Lilongwe atafunsa kuti ndi maboma ati akutumiza masampulo sabata ndi sabata, dzina lathu silinatchulidwe.

Ndapempha mlembi kuti firiji ndi tsiku lokhazikika la galimoto ya masampulo zikhale poyamba pa zokambirana za msonkhano ukubwerawu, alawansi yanga ibwere pambuyo pake.