Malipoti opita kwa opereka thandizo aziwerenga mitengo yodzalidwa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa malipoti amene mabungwe a kuno ku Salima amatumiza mwezi ndi mwezi kwa opereka thandizo, makamaka tsopano pamene tili m'nyengo yodzala mitengo, imene imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo. Ntchito yanga ndi younika malipoti otere, ndipo chimandidetsa nkhawa n'chakuti manambala amakoma papepala pamene kumudzi mitengo yake kulibe.

Lipoti la pamwezi limaika zinthu ziwiri pafupi, zimene bungwe linalonjeza kuchita m'mwezi umenewo ndi zimene lachitadi, kenako limasonyeza kusiyana kwake ndi chifukwa chake. Vuto limayamba pamene chinthu chowerengedwa mbali ziwirizi sichili chimodzi.

Tiyerekeze kuti bungwe linalonjeza kuti mu Januwale lidzala mbande 12,000 m'midzi khumi ya kwa Khombedza. Mbande zonsezo zatuluka ku nazale, mafumu asayinira, ndipo wolemba lipoti, poona mapepala olandirira katundu, walemba kuti ntchito yatheka ndi maperesenti 100. Komatu mgwirizano unanena za mbande zodzalidwa, pamene iye wawerenga zogawidwa. Mlangizi wa zankhalango ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi akayenda m'minda kuwerenga maenje, apeza kuti zalowa m'nthaka ndi 8,400 zokha, amene ndi maperesenti 70. Mwa mbande 3,600 zotsalazo, 2,400 zili pansi pa mtengo wa mango kwa mfumu chifukwa midzi iwiri ili tsidya lina la mtsinje wodzaza, ndipo 1,200 zinafa chifukwa machubu anang'ambika pangolo, dothi linakhuthuka, mizu n'kuumira padzuwa.

Lipoti loona liyenera kulemba maperesenti 70 amenewo ndi kulekanitsa zifukwa ziwirizi, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Mbande 2,400 zija zili moyo, choncho zimaonjezeredwa pa ntchito ya mwezi wotsatira, kotero kuti ngati Febuluwale anali ndi 5,000, tsopano akhala ndi 7,400, ndipo lipoti linene amene azizithirira kufikira madzi ataphwera. Zakufa zija n'zovuta kwambiri, popeza mbande imakhala pafupifupi miyezi itatu m'chubu isanafike podzalidwa, ndipo kufesa zina mu Febuluwale ndiye kuti zidzakhwima mvula itatha. Apa bungwe liyenera kusankha kugula mbande kwina kapena kupempha opereka thandizo, mwa kalata, kuti chiwerengero cha chaka chino chitsitsidwe. Kutsitsa nambala yolonjezedwa mwakachetechete kuti ifanane ndi zimene zachitika ndi chinyengo, ngakhale wochitayo atakhala ndi mtima wabwino.

Pakhalenso mzere wophatikiza miyezi yonse kuyambira pachiyambi. Ngati mu Disembala analonjeza 6,000 ndipo zonse zinadzalidwa, pofika kumapeto kwa Januwale zadzalidwa 14,400 mwa 18,000, kutanthauza maperesenti 80. Popanda mzere umenewu, ngongole ya mwezi uliwonse imaiwalika, n'kudzatulukira pamapeto pa pulojekiti nthawi yokonza itatha.

Wowerenga lipoti angathe kuzindikira kuti pali cholakwika ngakhale asanapite kumudzi. Midzi khumi yonse ikafikitsa nambala yofanana ndendende ndi imene inalonjezedwa, mwezi ndi mwezi, m'nyengo imene misewu yafumbi ili matope okhaokha, ndiye kuti manambalawo achokera pakaundula wogawira. Ayang'anenso bajeti, chifukwa ndalama za mafuta a njinga zamoto zoyendera minda zikakhala kuti sizinakhudzidwe, palibe amene anakawerenga.

Ndiyenera kunenanso kuti olemba malipoti ambiri sanama mwadala. Amaopa kuti nambala yochepera 100 ichedwetsa ndalama za gawo lotsatira, pamene malipiro awo ali momwemo. Choncho pempho langa likupita kwa opereka thandizo, kuti anene poyera kuti lipoti la maperesenti 70 lokhala ndi chifukwa chomveka komanso njira yokonzera lidzalandiridwa. Ndikupemphanso kuti m'lipoti la Okutobala kapena Novembala, dzuwa la kunyanja kuno, chiswe, mbuzi ndi moto wolusa zitachita mbali yake, mukhale mzere wosonyeza mitengo imene ikadali moyo mwa imene inadzalidwa, wowerengedwa ndi komiti ya m'mudzi pamodzi ndi mlangizi, ndipo ndalama zoyendera kalemberayo ziikidwe mu bajeti kuyambira pachiyambi.

Wounika ntchito za chitukuko,
Salima