Lipoti la maphunziro a alembi: tebulo, JSON kapena timadontho

A Wapampando, a komiti ndi alimi anzanga nonse,

Munandituma ku maphunziro a alembi a makopaletivu ku Lilongwe, ndipo nali lipoti langa. Nkhani zinali zingapo, koma ndasankha imodzi yomwe ikutikhudza chaka chino pogula soya ndi mtedza. Tikatolera zomwe zalembedwa pa malisiti, tiziziika m'maonekedwe otani? Njira zomwe tinakambirana ndi zitatu: tebulo la mizere ndi makolamu, fayilo ya JSON yomwe amawerenga ndi mapulogalamu a kompyuta, ndi mfundo zifupizifupi zoyamba ndi kadontho ngati zomwe timatumizirana pa foni. Aphunzitsi anati mlembi asanatsegule kompyuta adziwe kaye kuti alandire ndani, ndipo akalandira achita nazo chiyani. Wina afuna kuwonkhetsa, wina afuna kupereka chigamulo, wina afuna kulowetsa m'makina.

Anatipatsa malisiti atatu oyeserera, ndipo mitengo yake ndi yongophunzirira. Lisiti 0311 ndi la membala 0047, soya makilogalamu 150 pa K1,200, zonse K180,000, ndipo analipidwa. Lisiti 0312 ndi la membala 0112, yemwe anabweretsa mbewu ziwiri: soya makilogalamu 100 pa K1,200 ndi mtedza makilogalamu 50 pa K2,000, zonse K220,000, koma sanalipidwe. Lisiti 0313 ndi la membala 0205, la soya, koma linanyowa moti pamalo a kulemera panangotsala banga la inki.

Tinayamba ndi msungichuma. Iyeyu ntchito yake ndi kuwonkhetsa, kusanja ndi kufananiza ndi buku la ndalama, choncho chomuyenera ndi tebulo la mu Excel. Apa ndiye tinakhalitsa, chifukwa tebulo limatha kuoneka bwino m'maso koma lili lolakwika. Lamulo loyamba ndi lakuti mzere umodzi uziimira chinthu chimodzi, ndipo chinthucho muchigwirizane musanalembe kalikonse. Ife tinagwirizana kuti mzere ndi mbewu imodzi ya pa lisiti limodzi. Ndiye kuti malisiti atatu aja akupereka mizere inayi, popeza 0312 likutenga iwiri:

```
lisiti  membala  mbewu   kg   mtengo  ndalama  analipidwa
0311    0047     soya    150  1200    180000   inde
0312    0112     soya    100  1200    120000   ayi
0312    0112     mtedza  50   2000    100000   ayi
0313    0205     soya         1200             ayi
```

Pagulu lathu panali ena omwe analemba K220,000 pa mizere yonse iwiri ya 0312, poganiza kuti akungokopera zomwe zili pansi pa lisiti. Atawonkhetsa anapeza K620,000 m'malo mwa K400,000. Kompyuta sinadandaule ngakhale pang'ono. Cholakwika chotere chimagwidwa pokhapokha munthu atatenga malisiti enieniwo n'kuwonkhetsa pamanja. N'chifukwa chake ndikupempha kuti tsiku lililonse logula, tisanatseke, ndalama za mu tebulo zizifananizidwa ndi za m'buku la lisiti.

Lamulo lachiwiri: kabokosi ka nambala kazikhala ndi nambala yokha. Mukalemba `150 kg`, Excel imatenga ngati mawu, ndipo lamulo lowonkhetsera la `SUM` limangodumpha osanena kanthu. Muyezo uzikhala pamutu pa kolamu, m'munsimo muzingolowa 150. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati simunasinthe kalikonse, manambala amatsamira kudzanja lamanja la kabokosi, mawu amatsamira kumanzere. Mukaona nambala imodzi yatsamira kumanzere pakati pa zinzake, iyang'aneni bwino.

Koma nambala ya membala ndi ya lisiti zimafuna zosiyana ndi zimenezi. Mukalemba 0047, Excel imachotsa maziro n'kusiya 47. Manambala a foni oyamba ndi 088 kapena 099 nawonso amataya ziro wawo. Izi si nambala zowonkhetsa, ndi zizindikiro chabe, choncho kolamu yake muisinthe ikhale `Text` musanayambe kulemba. Ndipo wina akakutumizirani fayilo ya CSV, yomwe ndi tebulo losungidwa ngati mawu olekanitsidwa ndi mipatuliro, musangoidina kawiri, chifukwa maziro athawanso. Muitsegule kudzera pa `Data`, kenako `From Text/CSV`, n'kuuza pulogalamuyo kuti makolamu amenewo ndi mawu. Madeti nawo ndi msampha: 03/04/2025 kwa ife ndi 3 Epulo, koma kompyuta yokonzedwa mwa Chimereka iwerenga 4 Malichi. Tinagwirizana kulemba chaka, mwezi, tsiku, motere: `2025-04-03`.

Kenaka tinafika pa JSON. Ndinene mosabisa kuti iyi si ya mlimi, si ya komiti, ngakhalenso msungichuma alibe nayo ntchito. Imafunika pamene ogula mbewu zathu kapena bungwe lotithandiza ali ndi pulogalamu yawo, ndipo katswiri wawo wa kompyuta akufuna kulowetsamo malisiti popanda kutayipanso limodzilimodzi. Ubwino wake ndi wakuti chinthu chimatha kukhala m'kati mwa chinzake. Lisiti la mbewu ziwiri lija siliduka pawiri, limakhalabe limodzi, mbewuzo n'kukhala m'kati mwake:

```json
{
  "lisiti": "0312",
  "membala": "0112",
  "tsiku": "2025-04-03",
  "analipidwa": false,
  "mbewu": [
    {"dzina": "soya", "kg": 100, "mtengo": 1200},
    {"dzina": "mtedza", "kg": 50, "mtengo": 2000}
  ]
}
```

Taonani kuti `"0112"` ili m'mitengero pomwe `100` ilibe. JSON siilola nambala yoyamba ndi ziro ngati 0112, ndiye nambala ya membala imalembedwa ngati mawu. Ndalama nazo zilembedwe `1200`, popanda K komanso popanda mpatuliro. Malamulo ake ndi ouma zedi. Mpatuliro umodzi wotsalira pambuyo pa chinthu chomaliza umakanitsa fayilo yonse. Mitengero iyenera kukhala iwiri yowongoka ija ya pa kiyibodi. Mukalembera mu Word, yomwe imakonda kuipinda kuti ioneke bwino, fayilo yafa. Simungaikemonso ndemanga zapambali zofotokozera mnzanu. Kuti mudziwe ngati fayilo ili bwino musanatumize, pa kompyuta yomwe ili ndi pulogalamu ya Python mumalemba:

```
python -m json.tool malisiti.json
```

Ikakhala yolakwika imakuuzani mzere ndi malo pomwe yakakamira. Koma chidziwike n'chakuti lamulo limeneli limangoona kalembedwe. Mutalemba 1000 m'malo mwa 100, lidutsa bwinobwino. Chinanso, mayina monga `kg` ndi `mtengo` sitidzipangira tokha. Tiyenera kupempha katswiri wa mbali inayo atipatse chitsanzo cha fayilo yomwe pulogalamu yake imalandira, chifukwa ngati iye akudikira `weight_kg` ife n'kutumiza `kg`, fayilo ikhala yolondola koma kulemera sikufika.

Lisiti lonyowa lija ndi lomwe linandiphunzitsa zambiri, ndipo ndikufuna komiti ilimvetse bwino, chifukwa apa ndi pomwe mlimi amatayira thukuta lake. Chosawerengeka si ziro. Mlembi akalemba 0 pa kulemera kwa lisiti 0313, makina awerengera kuti membala 0205 sanabweretse kanthu, ndalama zake zikhala K0, ndipo dzina lake lichoka pa ndandanda ya oyenera kulipidwa popanda wina kuzindikira. Mu tebulo, kabokosiko kazisiyidwa kopanda kanthu, ndipo pakhale kolamu ina ya ndemanga yolembamo kuti lisiti linanyowa. Musalembe "sizikuoneka" m'kabokosi ka nambala momwemo. Mu JSON mawu ake ndi `null`, opanda mitengero: `"kg": null`. Ndipo mlembi asayerekeze kuganizira kuti mwina anali matumba awiri a makilogalamu 50. Kope la kaboni lili m'buku, ndipo mwini soya nayenso alipo woti n'kumufunsa.

Tsopano za inu a Wapampando ndi a komiti. Ambiri mumalandira malipoti pa foni, nthawi zina muli kumunda kapena pa minibasi. WhatsApp siijambula tebulo. Mukakopera la mu Excel n'kuliika mu uthenga, makolamu amasokonekera, manambala n'kugwera pansi pa mitu yosakhala yawo. Ena anati bwanji tingojambula chithunzi cha tebulo n'kutumiza. Pa mizere inayi zingatheke, koma pa mizere 200 muzingokulitsa ndi zala, ndipo chomwe mukufunacho simuchipeza. Inu funso lanu ndi lakuti kwachitika chiyani ndipo ndichitepo chiyani. Choncho malisiti omwe aja kwa inu afike motere:

- Lisiti 0313 linanyowa, kulemera sikukuwerengeka. Tikupempha chilolezo choti tione kope la kaboni mawa.
- Membala mmodzi sanalipidwe K220,000 ya soya ndi mtedza.
- Zomwe tatsimikiza lero: soya makilogalamu 250, mtedza makilogalamu 50, ndalama zonse K400,000, kupatula lisiti lonyowalo.

Chofuna chigamulo chanu chizikhala pamwamba, ziwerengero pansi. Pano K ndi mpatuliro zabwereranso, chifukwa wowerenga ndi munthu. Mawu akuti "kupatula lisiti lonyowalo" asamasiyidwe, apo ayi K400,000 imveka ngati ndalama zonse za tsikulo. Malire a timadontho ndi akuti sitithandiza pofananiza. Mukafuna kuona alimi khumi, aliyense ndi kulemera, mtengo ndi ngongole yake, uzani mlembi asindikize tebulo papepala la kumsonkhano. Ndiwonjezere langa: mu gulu la WhatsApp la mamembala onse tisamaikemo dzina la munthu pamodzi ndi ndalama zomwe akuyembekezera. Zimenezo zizipita kwa komiti yokha.

Kwa omwe ali ndi mafoni a mabatani, uthenga umodzi wa SMS umatenga zilembo 160. Mukangoikamo chilembo ngati ŵ, malirewo amatsika kufika pa 70, ndipo uthenga womwe unali umodzi mulipira ngati iwiri kapena itatu. Mu SMS tizilemba w wamba.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kukhala ndi zolemba zitatu zomwe aliyense akusintha payekha. Msungichuma akonza kulemera mu tebulo, JSON inapita kale ndi nambala yakale, a Wapampando akuuza alimi za uthenga wa dzulo, ndipo pamsonkhano tiyamba kulozana zala. Maganizo anga ndi akuti tebulo la msungichuma likhale gwero lokhalo. JSON izipangidwa kuchokera mu tebulolo ndi pulogalamu, osati kutayipa pamanja, ndipo timadontho mlembi azilemba akuyang'ana tebulo lomwelo, n'kuika deti pamwamba. Nambala ya lisiti izipezeka paliponse pomwe tatchula lisiti, kuti wokayika athe kubwerera ku pepala lenileni.

Pamsonkhano wa komiti ukubwerawu ndikupempha mundipatse nthawi yoti tikhale pansi ndi msungichuma, titenge buku limodzi la malisiti a chaka chatha, tigwirizane mitu ya makolamu ndi kuyesa kuwonkhetsa. Ndikupemphanso a Wapampando alembere ogula athu kuwafunsa ngati amalandira malisiti kudzera pa pulogalamu, ndipo ngati ndi choncho atitumizire fayilo yachitsanzo nyengo yogula isanayambe. Akayankha kuti tebulo la Excel likuwakwanira, za JSON tiziika pambali chaka chino.

Ine mlembi wanu.